Ndemanga ya makina oziziritsira m'chipinda a invata patatha miyezi isanu ndi umodzi

Ndinagula makinawa, a mphamvu yoziziritsa ya 12,000 BTU, mu Seputembala, nditachotsa akale amene kompuresa yake, pampu ya mota imene imapopa gasi woziziritsa, inali ya liwiro limodzi, ndipo ndawagwiritsa ntchito m'chipinda chogona kuno ku Salima nyengo yonse yotentha.

Makina akale aja ankadziwa zinthu ziwiri zokha, kuyaka ndi kuzima. Mota ya mtundu umenewo imatsatira magetsi a m'nyumba, amene amasinthasintha ka 50 pa sekondi, choncho imazungulira pafupifupi ka 2,900 pa mphindi, kaya chipinda chatentha kwambiri kaya chatsala pang'ono kuzizira. Ndikaika madigiri 24 pa rimoti, kompuresa inkathamanga mpaka kuzizira kupitirira muyeso, n'kuzima. Kutentha kukabwerera inkadzuka mwaphokoso, babu la m'chipinda n'kuphethira, chifukwa mota yotere podzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda.

M'makina atsopanowa muli bolodi ya zamagetsi yotchedwa invata, imene imayamba yasandutsa magetsi a m'nyumba kuti aziyenda mbali imodzi, kenaka n'kuwachititsanso kusinthasintha pa liwiro limene yasankha yokha potengera kutentha kwa chipinda, ndipo mota imatsatira liwiro limenelo. Ndinafuna kudzionera ndekha, motero tsiku lina mu Okutobala ndinalumikiza kamita koyezera mawati pa soketi. Nthawi inali 2 koloko masana, m'chipinda muli madigiri 33. Kompuresa inayamba mwakachetechete, manambala akukwera pang'onopang'ono mpaka mawati pafupifupi 1,200, babu osaphethira n'komwe. Patatha mphindi ngati 25 chipinda chitayandikira madigiri 24, manambala anayamba kutsika mpaka kukhazikika cha m'ma 400, kompuresa ikuyendabe osazima. Akale aja akayaka ankakoka mawati oposa 1,100 nthawi zonse. Mayunitsi amapulumuka pa kuyenda pang'onopang'ono kumeneku, ndipo n'chifukwa chakenso sindidzukanso usiku kufunafuna bulangete kenaka n'kulitayanso.

Komabe wogulitsa sanandiuze zonse. Tsiku limene ana ankangolowa ndi kutuluka, chitseko chili pululu, kamita sikanatsike pa mawati 1,000 masana onse, ndipo ndikuona kuti m'chipinda cha malata chopanda siling'i zingakhale chimodzimodzi, popeza kompuresa imachepetsa liwiro pokhapokha chipinda chikamasunga kuzizira. Ilinso ndi liwiro lotsikitsitsa limene singapitirire, moti m'bandakucha wa tsiku la mvula imazima ndi kuyaka ngati yakale ija. Amene angagule makina aakulu kuposa chipinda chawo adzakumana ndi zimenezi kawirikawiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi bolodi ija, chifukwa sichedwa kupsa magetsi akabwera mwamphamvu kapena mphezi ikaomba pafupi, ndipo mmisiri amene anandiikira makinawa anandichenjeza kuti kuisintha n'kodula kwambiri kuposa kapasita, kachipangizo kamene kamathandiza mota ya makina akale kudzuka. Ndinagula kachipangizo koteteza ku magetsi amphamvu tsiku lomwelo, ndipo mpaka pano bolodiyo sinavutepo.