Pansi pa chithunzi choyamba ndi chomaliza cha ukwati: mayina, vesi, mwambi kapena kuthokoza?

Zithunzi zapakati pa mndandanda wa ukwati sizivuta kulembera mawu. Pamene akuvekana mphete mumalemba kuti akuvekana mphete, ndipo ngakhale musalembe kanthu aliyense aona yekha. Mkangano umakhala pa ziwiri, choyamba ndi chomaliza, ndipo kuno ku Angonia, m'dziko la Mozambique, ndimaona anthu ambiri akulemba mawu amtundu umodzi ponseponse, vesi kumayambiriro vesi kumapeto. Ine ndimati zithunzi ziwirizi zimawerengedwa ndi anthu osiyana. Choyamba chimaonedwa ndi aliyense, ngakhale munthu amene sakudziwa kuti ukwatiwo ndi wa yani. Chomaliza amafikapo ndi amene watsegula zonse, ndipo kawirikawiri ameneyo ndi mbale kapena munthu amene analipo, amene akudzifunafuna yekha m'zithunzimo.

Tiyeni titenge ukwati umodzi woyerekeza. Mnyamata ndi wa ku Domwe, mtsikana ndi wa pa Ulongwe koma amalume ake ndi azakhali ake ali ku Dedza, ndipo anawoloka pa Kalomwe kubwera ku mwambowo. Achimwene a mkwati amagwira ntchito ku Moatize ndipo ana awo amawerenga Chipwitikizi chokha. Zithunzi zasankhidwa, zina zikalowa mu alubamu yosindikiza, zina zitumizidwa pa foni.

Pa chithunzi choyamba, njira zimene zimapikisana kwenikweni ndi ziwiri: kulemba mayina, malo ndi tsiku, kapena kulemba vesi la m'Baibulo.

Vesi lili ndi ubwino wake. Makolo ndi akulu a mpingo amakondwa nalo, ndipo palibe angakutsutseni mukalemba Marko 10:9, pamene akunena kuti chimene Mulungu wachimanga munthu asachilekanitse, kapena Genesis 2:24, kapena Miyambo 18:22 ya wopeza mkazi. Vuto lake ndi loti vesilo silinena kanthu za anthu awiri awa. Lomwelo linalembedwa pa ukwati wa mwezi watha ndipo lidzalembedwanso pa wa mwezi wamawa. Chithunzi chikadutsa m'mafoni atatu n'kufika kwa munthu wa ku Furankungo, iye amaona mtsikana wovala velo ndi mawu a Marko, n'kuyamba kufunsa kuti kodi ameneyu ndi mwana wa ndani. Palinso kanthu kena kamene ambiri sakalabadira. Mawu a vesi m'Buku Lopatulika safanana ndendende ndi a m'Buku Loyera, ndipo wolemba za pamtima nthawi zambiri amasakaniza awiriwo. Mkulu wa mpingo amazindikira msanga. Mukasankha vesi, tsegulani Baibulo limene mpingo wa eni ukwatiwo umawerenga, mukopere mawu ake momwe alili.

Mayina, malo ndi tsiku zimaoneka zouma, zedi. Koma ndi zokhazo zimene chithunzi sichinganene chokha, ndipo ndi zimene anthu amayamba kuziiwala. Pa ukwati wathu uja ndingalembe motere: "Uje Phiri ndi Uje Banda, Ulongwe, 16/08/2025." Pamene ndalemba Uje muikepo dzina lenileni la munthuyo. Mfunda wokha sukwana, chifukwa a Phiri ndi Nabanda alipo m'mudzi uliwonse kuyambira ku Tsangano mpaka ku Chifunde. Tsiku ndalilemba m'manambala dala. Mukalemba Ogasiti, ana a ku Moatize aja amadziwa Agosto, ndipo mukalemba Agosto, azakhali a ku Dedza adodoma pang'ono. Manambala amawerengeka mbali zonse ziwiri za malire, popeza kuno ndi ku Malawi komwe tsiku limayamba, mwezi n'kutsatira.

Tsiku lenilenilo lili ndi msampha. Maukwati ambiri sakhala a tsiku limodzi. Chinkhoswe chimachitika kale, ku rejisito amapita tsiku lina, ku tchalitchi tsiku linanso. Lamulo la mabanja la dziko lino, limene linatuluka mu 2004 n'kukonzedwanso mu 2019, limazindikira ukwati wa kuboma, wa kumpingo ndi wachikhalidwe, ndiye si zachilendo kuti banja limodzi likhale ndi masiku awiri kapena atatu owakumbukira. Lembani tsiku la mwambo umene uli m'chithunzimo. Ngati mndandanda ukuyamba ndi chinkhoswe, nenani kuti ndi chinkhoswe ndi tsiku lake, kenako tsiku la ku tchalitchi lidzalembedwe pamene zithunzi za ku tchalitchi zikuyambira. Mukaika tsiku la Loweruka la ku tchalitchi pansi pa chithunzi chimene ankhoswe akupatsana nkhuku, mwalemba bodza limene zidzukulu zidzalikhulupirira.

Ena amakonda njira yachitatu, yofotokoza kanthawi kamene kali m'chithunzimo. Mwachitsanzo chithunzi choyamba ndi cha mkwatibwi atakhala pa mpando m'chipinda, amayi ake akumukonza velo, kunja kusanache bwino, ndipo pansi pake palembedwa kuti "Mbandakucha, amayi akumuveka komaliza." Mawu otere ndi okoma kuposa onse, ndipo ndimawakonda. Koma paokha amasiya mkwati kunja kwa nkhani, ndipo akuchimuna sachedwa kuona kuti mwana wawo sanatchulidwe pa tsamba loyamba. Ndiye ngati mukuwafuna, akhale mzere wachiwiri pansi pa mayina ndi tsiku. Vesi nalonso likhoza kukhala mzere wachiwiri womwewo, koma sankhani chimodzi. Pa Facebook mawu akatalika amadulidwa, otsalawo n'kubisala kuseri kwa "Ver mais" kapena "See more", ndipo ambiri sadinapo. Chimene chili pamwamba ndicho chiwerengedwe.

Chithunzi chomaliza ndiye chimafuna kuganizira mofatsa, chifukwa apa ndi pamene anthu amakhumudwitsana.

Njira yofala ndi mwambi kapena malangizo. Wina amalemba "Banja ndi kupirira," wina "Banja ndi awiri, wachitatu ndi kapasule." Pa malangizo, alangizi akamalankhula ndi awiriwo m'nyumba, mawu amenewa ali pamalo pake. Pansi pa chithunzi amamveka mwina. Taganizani chithunzi chomaliza chili cha mabanja onse awiri ataima pamodzi pakhomo pa holo, apongozi ali pakati atavala chitenje chofanana ndi cha anzawo, ndiye pansi pake pali mawu onena za kapasule. Apongoziwo adzafunsa kuti kapasuleyo ndi ndani pakati pa amene aima apa. Wolemba sanalinge munthu, koma mawu a pansi pa chithunzi amamatirira pa nkhope zimene zili m'chithunzimo. "Banja ndi kupirira" nawo, akakhala pansi pa nkhope ya mkwatibwi wotopa madzulo, amakhala ngati akulosera mavuto. Komanso ndani akulangiza? Ngati mawuwo walemba wojambula, ndiye kuti munthu wobwera kudzagwira ntchito walanda udindo wa ankhoswe.

Kuthokoza kumagwirizana ndi munthu amene wafika pa chithunzi chomaliza, chifukwa ndi yemweyo anasenza nkhuni, anaphika, anaimba, kapena anavina pa perekaniperekani mpaka thumba kupepuka. Koma kuthokozako kuli pawiri, potchula mayina kapena potchula magulu. Mayina amasangalatsa otchulidwawo, ndipo amapweteka mmodzi yekha amene mwamuiwala. Pa foni mukhoza kukonza, koma alubamu ikasindikizidwa dzina losowalo lidzasowa mpaka kalekale, ndipo azakhali amene anagona pa moto usiku wonse adzalifufuza nthawi iliyonse akatsegula bukulo. Magulu ndi otetezeka: ankhoswe, makolo, apadirinyu ndi amadirinya ngati analipo, amayi ophika, akwaya, ndi onse ochokera kutali. Pa ukwati uja ndingalembe kuti: "Kwa makolo ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, amayi amene anaphika, akwaya, ndi nonse amene munachokera ku Domwe, ku Dedza ndi ku Moatize, tikuti zikomo." Kutchula malo kumathandiza kwambiri. Aliyense wochokera ku Dedza amadzimva kuti watchulidwa, chonsecho simunalembe dzina la munthu.

Mawu oti "mbali zonse ziwiri" amapulumutsanso ku funso la amene ayambe kutchulidwa. Ngati eni ake akufuna kuti mbalizo zitchulidwe padera, onani chithunzi choyamba. Dzina la mkwati likakhala kuti linayamba kumeneko, kuno yambani ndi akuchikazi. Za ndalama musalembe, kaya kuchuluka kwa mametikali amene anaponyedwa kaya dzina la amene anagula ng'ombe. Zimenezo analengeza kale wotsogolera mwambo tsiku lomwelo, ndipo zikalembedwa zimasanduka muyeso woyezera amene anapereka zochepa.

Onaninso mawu oti "tikuti." Akulankhula ndi mkwati ndi mkwatibwi, ndiye awaone asanatuluke. Kuwatumizira mzere umodzi pa WhatsApp kuti avomereze sikutenga nthawi, ndipo nthawi zambiri mkwatibwi ndi amene amakumbukira gulu limene mwalisiya, monga anzake a kuntchito kapena amayi a m'bungwe la kumpingo.

Nanga chomaliza chikakhala cha awiri okha, galimoto ikunyamuka kapena akulowa m'nyumba mwawo? Apa kuthokoza kwautali sikugwirizana ndi zimene maso akuona. Mukhoza kusuntha mawu othokoza kupita pa chithunzi cha gulu chimene chili chachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo pa chomalizacho n'kungolemba kumene alowera: "Ulendo wa ku Domwe." Ngati banjalo likufunitsitsa vesi ndipo pa choyamba silinapeze malo, pano ndi pamene limakhala bwino, chifukwa wowerenga akuwadziwa kale anthuwo. Kusalemba kanthu kumathekanso mu alubamu, poti chikuto chimanena chokha kuti zatha. Pa foni sizitero. Zithunzi zimafika pang'onopang'ono netiweki ikamavuta, ndipo munthu sadziwa ngati zatha kapena zina zikubwera, ndiye chomaliza chimafunika mawu, ngakhale "Zikomo nonse" chabe.

Dzina la wojambula ndi nambala yake, zimene anzanga ena amaziika pansi pa chithunzi chomaliza, malo ake ndi kuseri kwa chikuto, kapena mzere waung'ono pansi pa mawu a eni ukwati akalola.

Za chilankhulo, chithunzi choyamba chadzipulumutsa chokha, poti mayina, malo ndi manambala alibe Chichewa kapena Chipwitikizi. Pa chomaliza ndimayamba ndi Chichewa, chifukwa ambiri othokozedwawo ndi akuluakulu akumudzi, ndipo amene sawerenga adzawawerengera mdzukulu mokweza. Mzere wa Chipwitikizi ubwere pansi pake, waufupi, wa ana a ku Moatize ndi anzawo a kuntchito a eni ukwati. Musatanthauzire liwu ndi liwu mndandanda wonse wa magulu uja, chifukwa mawu adzachuluka kuposa chithunzi. Ndipo ngati zithunzizo mukuziika pa malo a WhatsApp amene zimafufutika pakatha maola 24, sungani mawu onse awiri penapake, kuti podzasindikiza alubamu musadzayambenso kufunsa kuti tsiku la chinkhoswe linali liti.