MSVCP140.dll yasowa: kutola fayilo imodzi kapena kuika phukusi lonse?

Mwadina pulogalamu, koma m'malo motseguka yakutulutsirani kabokosi kakuti "The code execution cannot proceed because MSVCP140.dll was not found." Apa anthu amagawikana pawiri. Ena amasaka fayiloyo pa intaneti n'kuiponya mu foda, ena amaika phukusi lonse la Microsoft Visual C++ Redistributable. Ine ndinayesa zonse, ndipo yoyambayo ndinaisiya.

Kutola fayilo imodzi kumakopa chifukwa n'kwachangu. Vuto n'lakuti MSVCP140.dll siyenda yokha. Imadalira VCRUNTIME140.dll, ndiye mukangoika ija, uthenga umabweranso ndi dzina lina. Chinanso, fayilo iliyonse ilipo ya mitundu iwiri, ya 32-bit ndi ya 64-bit, koma dzina ndi limodzi. Ine ndinatola ya 64-bit n'kuiika pambali pa pulogalamu ya 32-bit. Uthenga woti fayilo yasowa unachokadi, koma panabwera 0xc000007b, yomwe siikuuzani n'komwe kuti cholakwa ndi fayilo iti. Mayina a mafoda nawo amasocheretsa: pa Windows ya 64-bit, System32 imasunga mafayilo a 64-bit, pomwe a 32-bit amakhala mu SysWOW64. Komanso fayilo yotola pa tsamba losadziwika, ndani akudziwa chomwe anaikamo?

Phukusi la Microsoft limabweretsa mafayilo onse pamodzi n'kuwaika pamalo pake. Chofunika n'kudziwa loti mutenge, ndipo nambala ya m'dzina la fayilo ndiyo imakuuzani. 140 ndi la 2015 kupita m'tsogolo, lomwe ndi limodzi. 120 ndi la 2013, 110 ndi la 2012, 100 ndi la 2010. Latsopano sililowa m'malo mwa lakale: pulogalamu ikamafuna MSVCR120.dll, kuika la 2022 sikuthandiza. N'chifukwa chake mumaona ambirimbiri pamndandanda wa mapulogalamu. Asiyeni, si zinyalala.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi posankha pakati pa vc_redist.x86.exe ndi vc_redist.x64.exe. Amayang'ana kompyuta, pomwe choyang'ana ndi pulogalamu. Ngati ili mu Program Files (x86), kawirikawiri ndi ya 32-bit ndipo imafuna x86 ngakhale Windows yanu ili ya 64-bit. Mukakayika, ikani onse awiri, sakangana. Mu Command Prompt lembani izi:

```
winget install Microsoft.VCRedist.2015+.x86
winget install Microsoft.VCRedist.2015+.x64
```

Ngati phukusilo lilipo kale koma uthenga sukuchoka, tsegulani vc_redist yomweyo n'kusankha Repair. Ngati yosowayo ndi VCRUNTIME140_1.dll, ndiye kuti la x64 mulibe kapena lomwe muli nalo ndi la 2019 isanafike, ikani latsopano.

Nanga `sfc /scannow` yomwe anthu amaitchula paliponse? Imakonza mafayilo a Windows yeniyeniyo, ndipo awa si a m'gulu limenelo. Kuchotsa pulogalamu n'kuiikanso kumathandiza pokhapokha ngati choikira chake chimabwera ndi phukusilo mkati, ndipo mapulogalamu ongomasula kuchokera mu zip nthawi zambiri sakhala nalo.