Intigireta ndi difarensheta: iliyonse imafuna rezisita yowonjezera, koma pa zifukwa zosiyana

Mukayang'ana papepala, maseketi awiriwa ali ngati mapasa. Onse ali ndi opu ampu imodzi, rezisita imodzi ndi kapasita imodzi, ndipo pini yolowera ya pulasi imakhala pa girawundi. Chosiyana ndi malo okha. Mu intigireta, rezisita imakhala polowera siginolo ndipo kapasita imalumikiza potulukira ndi pini ya mayinasi. Mu difarensheta ziwirizi zimasinthana malo.

```
Intigireta:    Vout = -(1/RC) ∫ Vin dt
Difarensheta:  Vout = -RC × dVin/dt
```

Mukazimanga pa buledibodi monga zilili pamenepa, palibe imene imagwira bwino. Zonse zimachira ndi rezisita yowonjezera, n'chifukwa chake ophunzira ambiri amaganiza kuti vuto lake ndi limodzi. Si choncho. Intigireta imalephera pa DC, pamene siginolo sikusintha n'komwe, pomwe difarensheta imalephera pa firikwensi yapamwamba. Rezisitayo imaikidwa malo osiyana ndipo kukula kwake kumawerengedwa mosiyana.

Tigwiritse ntchito zipangizo zosavuta kupeza kwa ogulitsa ndi okonza mawailesi ku Malangalanga, mumzinda wa Lilongwe: opu ampu ya 741, mabatire awiri a 9 V, ndi marezisita wamba. Pa 741, pini 2 ndi ya mayinasi, pini 3 ya pulasi, pini 6 ndi potulukira, pini 7 imalandira +9 V ndipo pini 4 imalandira -9 V.

Tiyambe ndi intigireta. Ikani R ya 10 kΩ ndi C ya 100 nF, ija yolembedwa 104. RC ikhala 1 ms, kutanthauza kuti mukalowetsa 1 V yosasintha, potulukira pamatsika 1 V pa milisekondi iliyonse. Mukalowetsa funde la sikweya la 1 kHz losinthasintha pakati pa +1 V ndi -1 V, theka lililonse limatenga 0.5 ms, ndiye muyenera kuona thirayango ya 0.5 V kuchokera pansi kufika pamwamba.

Tsopano chotsani jenereta ya siginolo, lumikizani polowera ku girawundi, ndipo ikani malitimita pa pini 6. Masamu akuti pakhale ziro. Zimene muone n'zakuti nambala ikuyenda yokha kulowera mbali imodzi, mpaka ikaima chapafupi ndi 7 V kapena -7 V, osabwereranso. Chipu sichinafe. Chimene chachitika n'chakuti mapini awiri olowera a opu ampu iliyonse salingana ndendende. Pamakhala kusiyana kwakung'ono kotchedwa ofuseti, ndipo pa 741 kumakhala cha m'ma 2 mV, nthawi zina mpaka 6 mV. Intigireta siidziwa kuti 2 mV imeneyi si siginolo. Imangoisonkhanitsa monga imachitira ndi china chilichonse: 2 mV kugawa ndi 1 ms ndi 2 V pa sekondi. Masekondi atatu kapena anayi okha, yafika pothera. Palinso karenti yaing'ono imene 741 imakoka pa mapini olowera, pafupifupi 80 nA, imene payokha ingadzaze kapasita ya 100 nF pa liwiro la 0.8 V pa sekondi.

Muzu wa vutoli ndi kapasita. Kapasita siilola DC kudutsa, choncho pa DC palibe njira yoti potulukira pabwezere uthenga ku pini 2. Opu ampu imatsala ilibe fidibaki, ikukuza kalikonse mwina ka 200,000. Zili ngati ndowa imene mwaitchera pa mpopi wodontha: dontho n'laling'ono, koma ndowa yopanda kabowo idzadzaza ndithu.

Rezisita yowonjezera ndiye kabowoko. Imaikidwa mogundizana ndi kapasita, kuchokera pa pini 6 kufika pa pini 2, ndipo tiitche Rf. Ndi Rf ya 100 kΩ, seketi pa DC imasanduka ampulifaya wamba wokuza ka 10. Ofuseti ya 2 mV ija imatuluka ngati 22 mV, karenti ija imawonjezera kapena kuchotsera pafupifupi 8 mV, ndipo nambala pa malitimita imakhazikika pamenepo.

Koma kabowo kali ndi mtengo wake. Pansi pa firikwensi inayake, karenti yambiri imadzera mu Rf m'malo mwa kapasita, ndipo seketi imasiya kukhala intigireta.

```
f = 1/(2π × Rf × C) = 1/(2π × 100 kΩ × 100 nF) ≈ 16 Hz
```

Kuti thirayango ituluke yowongoka, siginolo ikhale pamwamba pa malire amenewa pafupifupi ka 10, ndiye kuti kuyambira 160 Hz kupita m'mwamba. Pa 1 kHz simungaone kusiyana kulikonse. Tsitsani jenereta kufika pa 50 Hz, muona mbali za thirayango zikupindika ngati chikwakwa. Wina anganene kuti, basi, tiike 1 MΩ. Malire atsikadi kufika pa 1.6 Hz, koma ofuseti potulukira ikwera kufika cha m'ma 200 mV, ndipo karenti ija ikhoza kuwonjezera 80 mV ina. Choipirapo, jenereta ikakhala ndi DC yakeyake ya 50 mV, imene simungaizindikire pa osilosikopu, ituluka ngati 5 V, ndipo thirayango yanu ikhala itakankhidwira pafupi ndi pothera. Ndi 100 kΩ, DC yomweyo ikanangokhala 0.5 V. N'chifukwa chake kuyamba ndi Rf yoposa R ka 10 n'kwanzeru, n'kumakweza pokhapokha siginolo ikakhala yochedwadi. Ngati mukufuna kusonkhanitsa DC yeniyeni kwa masekondi angapo, Rf siyoyenera konse, chifukwa imataya chimene mukusungacho. Pamenepo pamafunika swichi yokhuthula kapasita musanayambe kuyeza, ndi chipu cha ofuseti yochepa kwambiri.

Pali rezisita ina imene imasokoneza anthu, ija yochokera pa pini 3 kupita ku girawundi, pano ya 9.1 kΩ. Ntchito yake ndi kuchepetsa zotsatira za karenti ya 80 nA ija basi. Siiletsa kutsetsereka, ndipo siingalowe m'malo mwa Rf. Kusinthira ku opu ampu ya TL081 nakonso sikuthetsa nkhani: karenti yake ndi yochepa kwambiri, koma ofuseti idakali mamilivoti angapo. Kapasita ikhale ya poliyesita, osati ya elekitirolitiki, imene imadontha yokha ndipo siifuna voliteji yotembenuka.

Difarensheta ilibe vuto limeneli ngakhale pang'ono. Rezisita yake ya fidibaki ilipo nthawi zonse, ndipo kapasita ya polowera imatsekereza DC ya jenereta. Mukaiyeza ndi malitimita mupeza mamilivoti ochepa, n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Nthenda yake imaoneka pa osilosikopu pokha.

Ikani C ya 10 nF, yolembedwa 103, ndi R ya 10 kΩ. RC ndi 0.1 ms. Lowetsani thirayango ya 1 kHz ya 2 V kuchokera pansi kufika pamwamba. Imakwera 2 V mu 0.5 ms, ndiye 4,000 V pa sekondi, ndipo mukachulukitsa ndi RC mupeza sikweya ya pakati pa +0.4 V ndi -0.4 V. Sikweyayo ionekadi, koma pa ngodya iliyonse pakhala kunjenjemera kumene kumazilala pang'onopang'ono, ndipo mzere wake ukhala wokhuthala ndi phokoso.

Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, seketiyi imakuza kwambiri firikwensi ikamakwera: ka 1 pa 1.6 kHz, ka 10 pa 16 kHz, osaima. Phokoso la ma invata a sola, matchaja a foni ndi mababu a LED lili chakumtunda komweko, ndipo m'mawekishopu ambiri mumzinda muno zinthu zimenezi zimakhala pa benchi lomwelo. Chachiwiri, chimene chili chachikulu, ndi kuchedwa kwa fidibaki. R ndi C, mukaziyang'ana kuchokera potulukira kubwerera ku pini 2, zimachedwetsa siginolo mpaka madigiri pafupifupi 90. Nayo 741 mkati mwake imachedwetsa madigiri ena 90. Kuphatikiza, mwayandikira 180, ndipo fidibaki imene imayenera kubweza potulukira m'malo mwake imayamba kukankhira mbali yomweyo. Firikwensi imene izi zimachitikira imawerengeka, podziwa kuti 741 imasiya kukuza cha pa 1 MHz:

```
f ≈ √(1 MHz × 1.6 kHz) ≈ 40 kHz
```

Yezani kunjenjemera kuja pa osilosikopu. Ngati funde limodzi likutenga pafupifupi 25 µs, mwapeza nthendayo, si waya womasuka ayi.

Apa rezisita yowonjezera, imene tiitche Rs, imaikidwa pa mzere umodzi ndi kapasita, siginolo idutse mu Rs kenako mu C isanafike pa pini 2. Pa firikwensi yapamwamba kapasita imakhala ngati waya, ndipo Rs ndiyo imatsala, choncho kukuza kumaima pa R kugawa ndi Rs, ndipo kuchedwa kwa R ndi C kumabwerera m'mbuyo. Malire a Rs ndi C ayenera kukhala pansi pa 40 kHz ija. Kuti afike pa 40 kHz penipeni pamafunika pafupifupi 400 Ω, ndiye 470 Ω ndi poyambira. Ndi 1 kΩ malire ali pa 16 kHz, kukuza sikupitirira ka 10, ndipo kunjenjemera kumatheratu. Mtengo wake ndi ngodya za sikweya zimene zimatenga cha m'ma 20 µs kuti zikwere, zimene sizioneka kwenikweni pa theka la funde la 500 µs. Mukaika 10 kΩ mwapitirira: malire atsikira pa 1.6 kHz ndipo potulukira payamba kufanana ndi thirayango yozondoka. Phokoso likapitirirabe, kapasita ya 1 nF mogundizana ndi R imatsitsa kukuza pamwamba pa 16 kHz.

Taonani kusiyana kwa kawerengedwe. Rf ya intigireta ndi yaikulu, imasankhidwa poyang'ana firikwensi yotsikitsitsa ya siginolo yanu, ndipo liwiro la chipu silikhudzapo kwenikweni. Rs ya difarensheta ndi yaing'ono, ndipo imadalira chipu chimene mwaika. Mukachotsa 741 n'kuika TL081 ya 3 MHz, kunjenjemera kumasamukira cha pa 69 kHz ndipo Rs yocheperapo, ya 270 Ω, ikhoza kukwanira.

Nalo phokoso limazigwira mosiyana. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, ndipo pa firikwensi imeneyi intigireta yathu imakuza pafupifupi ka 3, pomwe siginolo ya 1 kHz imaichepetsa kufika pa 0.16. Mawaya a polowera akakhala aatali, thirayango yonse imaoneka ikuyandama m'mwamba ndi pansi. Difarensheta 50 Hz siimva n'komwe, imaichepetsa kufika pa 0.03. Komabe ngati ntchito ingachitike ndi iliyonse mwa ziwirizi, sankhani intigireta, chifukwa vuto lake limayenda pang'onopang'ono ndipo malitimita yokha imaligwira.

Chenjezo kwa oyesa difarensheta: jenereta ili ndi rezisitansi yakeyake potulukira, kawirikawiri 50 Ω, zina zakale 600 Ω, ndipo imakhala pa mzere umodzi ndi kapasita yanu. Ya 50 Ω imangochepetsako kunjenjemera. Ya 600 Ω imagwira ntchito yonse ya Rs mobisa, mwakuti seketi yopanda Rs imaoneka yabwinobwino pa benchi, n'kuyamba kunjenjemera tsiku limene mwailumikiza kumbuyo kwa opu ampu ina. Werengani zolembedwa pafupi ndi soketi ya jenereta musanayeze, ndipo Rs muiike ndithu pa bolodi.