Positala, pulogalamu yokoka mabokosi, kapena khodi: iti imakwana pa foni?

Pali njira zitatu zimene anthu amapangira kalata ya nkhani ya pa imelo. Ena amajambula positala n'kuitumiza ngati chithunzi chimodzi, ena amagwiritsa ntchito mapulogalamu okoka mabokosi a makampani otumiza maimelo, ndipo ena amalemba khodi okha, kaya HTML ya matebulo kapena MJML, khodi yachidule imene imasandutsidwa HTML ya imelo. Zonse zimaoneka bwino pa kompyuta. Kusiyana kumaonekera pa foni.

Tiyambe ndi positala, chifukwa ndi imene imanyenga ambiri. Tinene kuti mwaijambula mulifupi mapikiselo 600, zilembo zake 14, batani lake 40 kutalika. Pa foni ya sikirini ya mapikiselo 360 chithunzi chonse chimafupika n'kutsala magawo 6 pa 10 alionse. Zilembo zija zimatsika kufika pa 8 ndi pang'ono, batani limakhala 24. Apple imalangiza kuti malo odina ndi chala asachepere 44, Google imati 48, ndiye batani la 24 wowerenga amachita kulisaka. Komanso Outlook ya pa kompyuta imayamba yabisa zithunzi mpaka munthu atazilola, kotero kalata yonse imafika ili bokosi lopanda kanthu. Njira iyi isiyeni.

Pulogalamu yokoka mabokosi ndi yachangu, ndipo zigawo zake zimasanjikizana zokha pa foni. Mtengo umakwera pamene olembetsa akuchuluka, koma vuto lopweteka lili pena. Bokosi lililonse limene mwakoka limabwera ndi matebulo m'kati mwa matebulo, ndipo mawu okopera ku Word amabweranso ndi zinyalala zawo zosaoneka. Gmail imadula uthenga umene HTML yake yapitirira pafupifupi 102KB, n'kulemba "[Message clipped]" pamodzi ndi linki ya "View entire message". Zithunzi zokhala pa seva siziwerengedwa pamenepa. Cholemera ndi khodi yokha. Chimene chimadulidwa ndi cha kumunsi, komwe kumakhala linki yodzichotsera pa mndandanda, ndipo nthawi zambiri ndi komwenso kuli kachithunzi kowerengera anthu otsegula. Munthu akasowa podzichotsera amangodina kuti ndi sipamu, ndipo makalata anu otsatira amayamba kulowera komweko. Kuti mudziwe msanga, sungani kalatayo ngati fayilo ya .html muone kukula kwake. Ikadutsa 80KB chepetsani, popeza kampani yotumiza maimelo imatalikitsa malinki onse ndi zizindikiro zake zolondolera.

Khodi yolemba nokha ndiyo ndimaikonda, ndipo sindibisa. Tebulo limodzi la mzere umodzi wotsika, lokhala ndi `width:100%` ndi `max-width:600px`, limadzaza sikirini ya foni iliyonse popanda kudalira `@media`, khodi yosintha maonekedwe malinga ndi kukula kwa sikirini, imene mapulogalamu ena a imelo amainyalanyaza. Zilembo zikhale 16px, masitayilo onse alembedwe pa tagi penipeni. Batani likhale mawu enieni, osati chithunzi:

```html
<td bgcolor="#0b5d3b" style="border-radius:6px;mso-padding-alt:14px 24px">
<a href="https://example.com" style="display:block;padding:14px 24px;
font-size:18px;line-height:20px;color:#ffffff">Lembetsani</a></td>
```

Pamwamba 14, pansi 14, mzere wa mawu 20, zonse pamodzi 48, ndipo batani lonse limadinika, osati mawu okha. Outlook yakale ya pa Windows, imene kuyambira 2007 imaonetsa maimelo ndi injini ya Word, sidziwa `max-width` kapena ngodya zozungulira. Batani limatuluka la makona, zomwe sizipha munthu, koma tebulo limafunika kulikuta ndi lina la 600 m'kati mwa `<!--[if mso]>`, khodi imene Outlook yokha imawerenga, apo ayi kalata imatambasuka sikirini yonse.

MJML imakulemberani zokutira zimenezi, ndipo zigawo zake za `mj-column` zimasanjikizana zokha sikirini ikachepera 480px. Khodi yotuluka ndi yonenepa ndithu, choncho ifinyeni musanatumize. Imapindulitsa ngati mukufunadi zigawo ziwiri zoyandikana.

Pa zithunzi lamulo ndi limodzi pa njira zonse. Chithunzi chapamwamba chikhale JPEG ya mapikiselo 1200 mulifupi, yoonetsedwa pa 600 kuti isachite chimbuuzi, yofinyidwa kufika pansi pa 150KB. Wogula bandulo ya tsiku limodzi sadikira chithunzi cha 3MB chochokera mu kamera. WebP Outlook yakale siitsegula, ndipo zithunzi za base64, zolowetsedwa m'khodi momwemo, Gmail sizionetsa. Musaiwale `alt`, mawu ooneka m'malo mwa chithunzi chikapanda kutseguka.

Ngati kalata yanu ndi mutu, chithunzi chimodzi, nkhani zitatu ndi batani, lembani tebulo kamodzi muzingosintha mawu. Pulogalamu yokoka mabokosi isiyireni gulu limene palibe wodziwa HTML, koma wina aziyeza kukula kwa fayilo ndi kudzitumizira pa Gmail ya pa foni kalata isanapite kwa anthu.