Ndemanga: kuwerengetsa manambala a chikondi kwa mayi wina wa ku Limbe

Mayi amene amawerengera anthu manambala a chikondi ku Limbe ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ine ndi bwenzi langa tinawatumizira maina ndi masiku obadwa pa WhatsApp tikukonzekera chinkhoswe, ndipo lipoti linabwera ndi masamu onse poyera, moti munthu ukhoza kuwerenganso wekha. Izi ndi zomwe zinandisangalatsa kwambiri.

Amagwiritsa ntchito njira ya Pythagoras: A ndi 1, B ndi 2, mpaka I amene ndi 9, kenako J n'kuyambiranso pa 1. Dzina langa loyamba, Tadala, limapereka 2+1+4+1+3+1, yomwe ndi 12, ndipo 1+2 ndi 3. Nambala ya tsogolo imachokera ku zilembo zonse za dzina lathunthu, pomwe ya umunthu imatenga makonsonanti okha, ndiye pa Tadala ndi T, D ndi L basi. Atawonjezera dzina la bambo, tsogolo langa linatuluka 6, la mnzanga 9. Anati 3, 6 ndi 9 ndi banja limodzi, anthu osamala anzawo, choncho pamenepo tikugwirizana.

Povuta panali pa umunthu, nambala yosonyeza mmene anthu amakuonera akangokumana nawe. Yanga ndi 4, munthu wadongosolo, pomwe yake ndi 5, wokonda ufulu ndi kuyendayenda. Pa tsiku lobadwa zinatembenuka. Ine ndinabadwa pa 14, ndiye 5, iye pa 22, imene anaisiya choncho chifukwa 11, 22 ndi 33 sazichepetsa, ngakhale mzu wake ndi 4. Mayiwo anati aliyense wa ife ali ndi kachidutswa ka khalidwe la mnzake. Usiku womwewo tinakambirana za kasungidwe ka ndalama momasuka kuposa kale.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha nkhani ya maina. Sanatifunse ngati dzina tinatumizalo ndi lobadwa nalo. Mnzanga ali ndi dzina la ubatizo, Paul, lomwe lili pa chiphaso cha unzika koma kwawo salitchula. Paul amapereka 14, ndiye 5, ndipo mukamuwonjezera, tsogolo lake limachoka pa 9 kupita pa 5, umunthu pa 5 kupita pa 6. Kugwirizana kuja kwa 6 ndi 9 kwatha pomwepo! Kuno kwathu ambiri tili ndi dzina la kumudzi, la kutchalitchi ndi la mfunda, ndiye funso limeneli liyenera kukhala loyamba. Nditawafunsa anayankha mwaulemu kuti lobadwa nalo ndilo limawerengedwa, koma akanayenera kunena okha.

Manambalawa si sayansi, ndipo sindingalole kuti agamule za ukwati m'malo mwa ife eni ake ndi ankhoswe. Amene mukufuna kupita, gwirizanani kaye maina oti mutumize, ndipo funsani ngati akuwerenga mwa Pythagoras kapena mwa Akasidi, chifukwa njira ya Akasidi zilembo imazipatsa 1 mpaka 8 yokha ndipo mayankho amasiyana.