Our Planet, gawo la Fresh Water: ndasankha bwino ulendo uno (nyenyezi 4 mwa 5)

Ndinakulira kufupi ndi nyanja, ndiye ndikapeza kabandulo kotsala ndimakonda kufufuza mafilimu ofotokoza za nsomba. Miyezi ingapo ndakhala ndikungotaya ndalama. Umalemba dzina la nsomba pa foni, n'kubwera mavidiyo a chithunzi chochititsa mantha, ng'ona itayasamula, mitu yake ya zilembo zikuluzikulu. Ina ndinaionera mpaka pakati ndisanazindikire kuti ndikupusitsidwa. Nyama ija inali pa udzu wouma dzuwa likuswa mtengo, kamera kungotembenuka ili m'nkhalango yobiriwira kunja kuli mitambo, wofotokoza akuti ndi nkhondo imodzi yomweyo. Dzina la malo sanatchule ngakhale kamodzi.

Kuyambira pamenepo, ndisanayambe filimu ndimathamangira kumapeto kukaona ngati pali mayina a ojambula ndi kampani yomwe inaipanga. Ndikawapeza ndimabwerera koyambirira n'kumvetsera mphindi zisanu zokha. Wodziwa zinthu amakuuza kuti tili pa mtsinje wakuti, m'dziko lakuti, nyengo yakuti. Wongosoka zidutswa amangoti "m'nkhalango za Africa", ngati Africa ndi mudzi umodzi.

Our Planet inakhoza mayeso amenewa. Inatuluka pa Netflix mu 2019, inapangidwa ndi Silverback Films mogwirizana ndi bungwe loteteza zachilengedwe la WWF, ndipo wofotokoza ndi a David Attenborough. Ili ndi magawo 8, lililonse la mphindi pafupifupi 50. Mu 2020 anaiika yaulere pa YouTube, ndipo ine ndinaionera kumeneko. Onetsetsani kuti mwatsegula yomwe ili pa tsamba lenileni la Netflix la pa YouTube pomwepo, chifukwa zokopera zimakhala zoduka komanso zosaoneka bwino.

M'gawo la Fresh Water, chinandigwira mtima ndi kachigawo ka m'nyanja ya Tanganyika. Muli nsomba ya m'banja limodzi ndi mbuna ndi chambo chathu, dzina lake Lamprologus callipterus. Yamphongo imatola zigoba za nkhono ndi pakamwa, n'kuziunjika pamalo ake. Yaikazi ndi yaing'ono kwambiri moti imalowa m'chigoba n'kuikira mazira momwemo, pomwe yamphongoyo singakwanemo. Choncho mwamuna wa zigoba zambiri ndiye amapeza akazi ambiri. Ndiye pali kuberana! Mnzake akangotembenuka, winayo wanyamula chigoba, liwiro kwawo. Mwana wanga wa sitandade 6 anaseka mpaka misozi, amvekere, "Ababa, ngakhale nsomba zimaba?" Ine zinandikumbutsa timaenje tomwe chambo champhongo chimakumba mumchenga pofuna kukopa yaikazi. Kusiyana kwake n'koti chambo chachikazi chimasunga mazira m'kamwa.

Gawoli limakutengeraninso ku mtsinje wa Mekong, ndi ku Pantanal ku Brazil komwe nyalugwe wa kumeneko amasaka nyama zonga ng'ona. Zokongola ndithu, koma zimadutsa mwachangu, ndipo apa m'pomwe ndachotsera nyenyezi imodzi. Filimu yoyenda dziko lonse m'mphindi 50 singakhalitse pamalo amodzi. Ndimafuna kudziwa kuti tiana timatuluka m'chigoba patatha nthawi yaitali bwanji, koma tinali titasamukira kale kwina. Ngati funso lanu ndi la nyama imodzi kapena nyanja imodzi, funani filimu ya chinthu chimodzicho. Iyi ndi ya munthu amene akufuna kulawa kaye.

Dziwaninso kuti m'mafilimu a zachilengedwe, ngakhale abwino, nkhani ya mphindi zitatu nthawi zambiri imakhala yolumikiza zojambula za masiku ambiri, ndipo phokoso lina monga kuphwanyika kwa masamba amaliwonjezera pambuyo pake, poti kamera imakhala patali. Zimenezi sizindivuta malinga ngati khalidwe la nyamayo ndi loona. Ziwerengero zomwe akutchula nazo ndi za m'ma 2019, ndiye wofuna kuzilemba pa ntchito ya kusukulu ayambe wafufuza zatsopano.

Pa nkhani ya bandulo, ndinaika pa 480p ndipo gawo lonse linandidyera pafupifupi 300 MB. Pa foni zimaoneka bwinobwino. Ndinayesa 1080p mphindi zochepa, bandulo ikutha ngati madzi a m'dengu, ndinabweza msanga. Chingerezi cha a Attenborough n'chodekha, koma mukadina CC mawu amalembedwa pansi, ndipo ndi mmene ndinapezera kalembedwe ka dzina la nsomba ija.

Amene muli ndi ana aang'ono, gawo la Frozen Worlds muyambe mwalionera nokha. Muli nyama zikuluzikulu za m'nyanja za minyanga iwiri, kumpoto kwa Russia, zikugwa kuchokera pamwamba pa phompho. Ine ndinaliyatsa tikudya nsima ndisakudziwa, wamng'ono wathu anasiya mbale pomwepo.