Monita ya 1440p pa GTX 1660 Super patapita miyezi: vuto la chingwe linatha, la khadi likadalipo

"Achimwene, monita yanu ya mainchesi 27 ija ikuyenda bwanji mpaka pano? Khadi yanga ndi GTX 1660 Super ngati yanu. Ndigule yomweyo? Nanga chingwe cha HDMI chomwe ndili nacho kale chikwanira?"

Ikugwirabe ntchito. Mitundu sinazilale, palibe kadontho kakufa pasikirini, ndipo mwendo wake sunayambe kugwedera. Pa ntchito ya muofesi ndiye sindidandaula: mawindo awiri amakhala pambalipambali, zilembo n'kumaoneka bwino osatsinzinira. Koma nambala ziwiri zomwe zinalembedwa zikuluzikulu pakatoni, 2560x1440 ndi 165 Hz, sizibwera zokha mukangolumikiza. Zimadalira chingwe, poti yomwe mwalowetsa chingwecho, komanso mphamvu ya khadi ya zithunzi ya m'kompyuta.

Tiyambe ndi chingwe chanucho. Khadi imeneyi ili ndi HDMI 2.0b, DisplayPort 1.4, ndipo zambiri zili ndi DVI. Monitayi nayo poti yake ya HDMI ndi 2.0. HDMI 2.0 imatchulidwa kuti ndi ya 18 Gbps, koma gawo lonyamula chithunzi chenicheni ndi 14.4 Gbps basi. Tsono werengani nokha. Sikirini ya 2560x1440 ili ndi timadontho 3,686,400. Kadontho kalikonse kamafuna mabiti 24, ndipo chithunzi chonse chiyenera kutumizidwa ka 165 pa sekondi imodzi. Mukachulukitsa mupeza pafupifupi 14.6 Gbps, tisanawonjezere timipata tomwe timasiyidwa pakati pa mizere. Mwaona, sizikwana. N'chifukwa chake pa HDMI monitayi imathera pa 144 Hz, ndipo 165 simuiona n'komwe pamndandanda ngakhale mutagula chingwe chodula bwanji. Malire ali papoti.

Ngakhale 144 imeneyo imafuna chingwe chabwino. Chingwe cha HDMI chomwe chinabwera ndi dikoda kapena wailesi yakanema yakale nthawi zambiri chinayesedwa pa 10.2 Gbps, liwiro la HDMI 1.4, lomwe pa 1440p limathera cha pa 75 Hz. China chimapirira kupyola pamenepo, china chimayamba kuthwanima timadontho toyera kapena kuzimazima. Chomwe chinayesedwa pa 18 Gbps chimalembedwa Premium High Speed papaketi. Komabe pa khadi yanuyo HDMI musaiwerengere, pa chifukwa china chachikulu. Monita izi zili ndi FreeSync, njira yoti sikirini izitsata liwiro lomwe khadi ikutulutsira zithunzi kuti chithunzi chisamang'ambike pakati. FreeSync yodutsa pa HDMI 2.0 imayenda ndi makhadi a AMD. Khadi ya NVIDIA imaigwiritsa ntchito kudzera pa DisplayPort, mukachonga G-SYNC mu NVIDIA Control Panel. Choncho chingwe choyenera ndi cha DisplayPort, cholowa pakhadi penipeni, osati pamapoti a pamwamba aja a motherboard.

Vuto lomwe linanditengera nthawi linali pa DisplayPort pomwepo. Mukatoni munalibe chingwe chake. Wa shopu anangoponyamo cha HDMI n'kunena kuti zingwe zonse n'chimodzimodzi. Nditabwerera anandigulitsa cha DisplayPort cha mamita atatu, chopanda dzina, chopyapyala. Windows inaonetsa 165 Hz, ndinasankha, zonse zinaoneka bwino. Kenaka sikirini inayamba kumada bii kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, n'kubwereranso yokha. Kompyuta siizima, phokoso la gemu limapitirira mumahedifoni, kauthenga ka "DisplayPort" n'kutulukira pakona ngati kuti mwangolumikiza kumene. Tsiku lina zichitika kamodzi, tsiku lina kangapo pa ola limodzi. Zinkachuluka filiji ikadzuka, magetsi akangobwera, ndiponso m'miyezi youma ija munthu akadzuka pampando, nthawi yomwe ukagwira chitsulo chimakulasa pang'ono.

Anthu ambiri zikatere amathamangira kusintha madilaiva kapena kuganiza kuti khadi yayamba kufa. Pali njira yosiyanitsira. Dilaiva ikagwa, gemu imatsekeka kapena kuuma, ndipo mu Event Viewer mumapezeka uthenga wotchula `nvlddmkm`. Apa munalibe kalikonse. Khadi yotentha kwambiri imachedwetsa gemu kapena kubalalitsa chithunzi, ndipo izi zimachitika pa ntchito yolemera; kuzimaku kunkabwera ngakhale polemba kalata. Kuda kwakanthawi kotereku ndi khadi ndi monita zikugwirizananso liwiro chizindikiro chitasokonekera panjira.

Chomwe chinaulula zonse ndi momwe DisplayPort imayendera. Liwiro lake silikwera pang'onopang'ono, lili ndi masitepe. Sitepe ya DisplayPort 1.2, yotchedwa HBR2, imanyamula 17.28 Gbps ya chithunzi. Ya 1.4, HBR3, imanyamula 25.92 Gbps. Pa mitundu ya mabiti 8, 14.6 ija imalowa bwinobwino mu HBR2. Koma mu NVIDIA Control Panel, pansi pa Change resolution, gawo la Output color depth linali pa 10 bpc. Pamenepo kadontho kamafuna mabiti 30 m'malo mwa 24, katundu amakwera kufika pa 18.2 Gbps, ndipo khadi imakakamizika kukwera sitepe ya HBR3. Chingwe chotchipa cha mamita atatu chinkapirira sitepe imeneyo movutikira, moti kusokonezeka pang'ono kwa magetsi m'nyumba kunkachigwetsa.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Sinthani 10 bpc ikhale 8 bpc, kenaka mumenyu ya monita yeniyeniyo, ya timabatani ta kumbuyo, pezani pomwe palembedwa DP Version n'kusankha 1.2. Kwa ine kuzima kunatheratu, 165 Hz ikadalipo. Ngati kwa inu kukupitirira, tsitsani mpaka 60 Hz n'kuona kwa tsiku lathunthu. Kuchoka pa 165 kupita pa 144 kapena 120 sikukuuzani zambiri, chifukwa zonsezi zimayenda pa sitepe imodzi ya HBR2. Zikasiya pa 60, chingwecho n'choipa ndithu. Zikapitirira ngakhale pa 60 ndi chingwe china, pamenepo ndiye mukayikire poti kapena monita, ndipo muthamange nayo kushopu waranti isanathe.

Kunena zoona, kusiyana kwa mabiti 8 ndi 10 pa magemu ndi pa Windows simungakuone pokhapokha mukuyang'anitsitsa thambo lomwe mtundu wake ukusintha pang'onopang'ono. Munthu atha kungosiya pa 8 n'kuiwala. Ine ndinagulabe chingwe china cha mamita awiri, cha chizindikiro cha VESA Certified ndi DP8K, chomwe chimatanthauza kuti chinayesedwa pa HBR3, ndipo 10 bpc inakhazikika. Musatalikitse chingwe popanda chifukwa. Mamita awiri amakwana pathebulo lililonse. Pochotsa, kanikizani kabatani ka pamutu pake, chifukwa zambiri zili ndi timano togwira, ndipo mukakoka mwamphamvu chomwe chimathyoka ndi poti ya khadi, osati chingwe.

Wa shopu uja anakana kulandira chingwe cha mamita atatu chija. Akuti chithunzi chikutuluka, ndiye chingwe chilibe mlandu. Anachiyesa pa kamonita ka 1080p ka 60 Hz komwe kali pakauntala, pomwe chingwe chilichonse chimapambana. Ndalama imeneyo inapita.

Koma nkhani ya chingwe ndi yaing'ono, imatha ndi ndalama zochepa. Yomwe siinathe ndi ya khadi. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho 2,073,600, kutanthauza kuti 1440p imapatsa khadi ntchito yochuluka pafupifupi ka 1.8 pa chithunzi chilichonse. Kuti mudyerere 165 Hz yonse, khadi iyenera kumaliza chithunzi m'mamilisekondi 6, pomwe pa 60 Hz imakhala ndi oposa 16. GTX 1660 Super, yomwe inatuluka mu 2019 ndi memori ya 6 GB, inapangidwira 1080p. Pa magemu opepuka opikisana pa intaneti imafika pamwamba ndithu, ndipo masiku amenewo ndimati monitayi inali yoyenera mtengo wake. Pa magemu olemera a zaka zaposachedwazi, zomwe ndimaona ndi mafuremu a pakati pa 40 ndi 60 pa sekondi, nditatsitsa kale mithunzi ndi zina. Monita ikhoza kulemba 165 pakona, koma zithunzi zatsopano zomwe ikulandira ndi gawo limodzi mwa atatu. Ili ngati msewu wa tala wa mizere inayi womwe pakuyenda ngolo.

G-SYNC imathandiza kwambiri pamenepa, ndipo ndi chomwe chinandidabwitsa mokoma. Mafuremu 50 otsatidwa ndi sikirini amaoneka osalala kuposa 50 omwewo pa monita yokhazikika pa 60 Hz. Kutsitsa gemu kufika pa 1920x1080 ndiye sikukoma, chifukwa 1080 salowa ndendende mu 1440. Kadontho kamodzi kamamwazikira pa timadontho toyandikana, zilembo n'kuoneka ngati galasi lachita nthunzi. Pa mainchesi 27 zimaonekeratu. Njira yabwinoko ndi kusiya gemu pa 1440p n'kuyatsa FSR, njira yokulitsa chithunzi chaching'ono kuti chidzaze sikirini chikuonekabe bwino, pa Quality m'magemu omwe ali nayo. DLSS, njira yofanana nayo ya NVIDIA, musaiyembekezere, makhadi a GTX alibe.

Tsono mugule kapena ayi? Ngati kompyutayo ndi ya ntchito, zithunzi ndi makanema, magemu n'kukhala a madzulo, gulani, sikirini yotakata mudzaimva kukoma tsiku lililonse. Ngati cholinga ndi magemu olemera ndipo simukuganiza zosintha khadi chaka chino, ndalama yanu ikagwira ntchito bwino pa monita ya mainchesi 24, 1080p, 144 Hz. Khadi yanu imatha kuidyetsa mokwanirako, mtengo ndi wotsika, ndipo zotsalazo muyambe kusungira khadi ya RTX 3060 Ti kapena RX 6700 XT, omwe ndi mlingo woyenerera 1440p. Ine ndikayang'ana mtengo wa makhadi amenewo m'makwacha a masiku ano, ndimaona kuti ndinayambira kolakwika. Ndikatsegula mawindo awiri Lolemba m'mawa, dandaulolo limachepa.

Mukasankha ya 1440p, musalipire katoni isanatsegulidwe. Onani kuti muli chingwe cha DisplayPort, ndipo ngati mulibe, mtengo utsike kapena achiwonjezere. Auzeni alumikize pa kompyuta yokhala ndi khadi, mulowe mu Settings > System > Display > Advanced display, muone ndi maso anu 2560 x 1440 ndi 165 Hz. Kunyumba mukayang'anenso pomwepo, chifukwa Windows kawirikawiri imayambira pa 60 Hz mpaka mutasintha nokha. Palisiti alembepo nambala ya monita ndi kutalika kwa waranti, komanso kuti chingwe chikamazimitsa sikirini pa 165 Hz adzachisintha.